Mafolowa 8,400 koma makeke 9 pa mwezi, ndikulakwitsa pati?

NyaMhango Makeke: Mwadzuka bwanji a bizinesi anzanga. Ine ndabwera ndi nkhawa yanga ndithu ndipo ndilemba zambiri mundipirire. Peji yanga ya makeke pa Facebook yafika mafolowa 8,400, chaka chatha nthawi ngati ino inali pa 3,000, ndipo ndinadziikira kuti pofika Disembala ndikhale pa 10,000. Koma dzulo ndakhala pansi kuwerenga mwezi wa Seputembala ndapeza kuti ndagulitsa makeke 9 basi. Mwezi onse. Positi imodzi ya keke ya ukwati inapeza malaiki 600 koma palibe ngakhale mmodzi anaoda. Kodi ndichulukitse mapositi kapena ndipange mpikisano wina kuti anthu achuluke? Ndili ku Chibavi, mu Mzuzu

Make Wongani: Asisi musafooke, 8,400 ndi anthu ambiri zedi. Ine ndili ndi 700 ndimakusilirani

Braz wa Mafoni: Pitani pa TikTok amama, kumeneko mafolowa amabwera msanga. Vidiyo ziwiri patsiku, nyimbo yomwe ikuvuta nthawi imeneyo, pofika Disembala 10,000 yo mwaidutsa kale

Ankolo a Hadiweya: Braz, amamawa sakudandaula kuti mafolowa achepa, akudandaula kuti makeke sakuyenda. NyaMhango ndikufunseni kaye ndisanalankhule zambiri. Mu Seputembala anthu angati anakulemberani kufunsa za keke? Sindikunena malaiki kapena oti "yabwino bwanji", ndikunena amene anafunsa mtengo kapena tsiku

NyaMhango Makeke: Aaa ankolo sindimawerenga zimenezo. Ambiri ndithu. Mwina 60 kapena 100

Ankolo a Hadiweya: Ndiye vuto layambira pamenepo. Nambala ya mafolowa mukuidziwa mpaka pa 400 yo chifukwa foni imakuonetsani mmawa ulionse, koma nambala yomwe ikubweretsa ndalama mukuti mwina 60 mwina 100. Pakati pa 60 ndi 100 pali anthu 40 amene simukudziwa ngati alipo. Chitani izi lero lomwe, sizifuna bandulo yambiri. Tengani kope, tsekulani WhatsApp ndi Messenger, bwererani pa 1 Seputembala, munthu aliyense amene anafunsa za keke mumulembe mzere wake. Tsiku, ali kuti, anakupezani bwanji, munamuyankha patatha nthawi yaitali bwanji, ndiye anagula kapena ayi. Ngati sanagula lembani mawu ake omaliza. Mukamaliza mubwere mutiuze. Ine shopu yanga ya zomangira ndimapanga zomwezi, kope lake lili pa kauntala pambali pa buku la ngongole

Mlongo wa ku Taifa: Koma ankolo musanyoze mafolowa kwambiri. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, munthu wa ku Karonga kapena ku Rumphi asanatumize ndalama pa Airtel Money amayamba waona peji. Akapeza mafolowa 50 amati uyu ndi wakuba. Mafolowa ndi amene amapangitsa munthu kukukhulupirira

Ankolo a Hadiweya: Mlongo pamenepo simukunama, peji yopanda anthu imaopsa. Koma funso ndi loti chikhulupiriro chimenecho chimafuna anthu angati. Munthu amene sanakhulupirire NyaMhango ali pa 8,400 adzawakhulupirira akafika 10,000? Pali mulingo umene ukaufika zokwanira, kuonjezera pamenepo sikusintha maganizo a wogula. Kuyambira pamenepo amayang'ana zina, kodi positi yomaliza ndi ya liti, kodi pali makasitomala enieni akuyamikira, kodi ukafunsa amayankha

Mlongo wa ku Taifa: Mmm mwina. Koma ine ndimaonabe kuti pamene peji yakula maoda akunja kwa Mzuzu anachuluka

Make Wongani: Chitenje chimakwera basi mlongo, keke ya kirimu ikafike ku Karonga ndi kutentha kuja ifika ili phala

NyaMhango Makeke: Ndabwera. Zanditengera maola awiri, mwana mpaka wagona ndi yunifolomu. Si 100 ayi, ndi anthu 41. Ndipo ndachita manyazi ndi zimene ndapeza. Pa 41 wo, 14 sali mu Mzuzu, ena ku Lilongwe ena ku Blantyre, awiri ali ku Joni amafuna ndiwatumizire resipi. Otsala 27 ndi a konkuno, Katoto, Chibanja, Luwinga, Mchengautuba, mmodzi wa ku Ekwendeni. Ogula 9 aja onse achokera mwa 27 amenewa. Ndiye china chandidabwitsa, pa 9 wo 5 anandilembera ataona sitetasi ya WhatsApp, 2 anauzidwa ndi anzawo a kutchalitchi, a pa Facebook ndi 2 okha. Sitetasi yanga amaionera anthu 130 basi, ine sindimaiwerengera nkomwe

Ankolo a Hadiweya: Eya, tsopano tili ndi poyambira. Anthu 130 akupatsani maoda 5, anthu 8,400 akupatsani 2. Mafolowa ambiriwo anabwera liti?

NyaMhango Makeke: Mu Febuluwale ndinapanga mpikisano, oti folowa peji, tagani anzanu atatu muwine keke. Sabata imodzi anabwera oposa 2,000. Ndinasangalala mpaka ndinaimbira amuna anga kuntchito

Ankolo a Hadiweya: Amenewo anabwerera keke yaulere, ndipo anatagana dziko lonse osati Mzuzu. Sanalakwe, munawaitana choncho. Koma akukulemetsani, chifukwa Facebook sionetsa positi yanu kwa mafolowa onse, imaonetsa ena mwa iwo, ndiye ngati ambiri ali kutali ndiye kuti ngakhale ochepa oonawo ambiri sangagule. Lowani mu Professional dashboard, pa Insights pali pamene amaonetsa mizinda imene anthu anu ali. Mukaone Mzuzu ili pa nambala chani. Tsopano 18 a mu Mzuzu amene sanagule aja, mawu awo omaliza ndi otani?

NyaMhango Makeke: 7 ndinawayankha mawa lake, ena patapita masiku awiri, chifukwa mauthenga a Messenger sindimatsegula pafupipafupi. Mmodzi analemba Lachinayi kuti akufuna keke ya mwana Loweruka, ine ndayankha Loweruka mmawa, anangoti "tapeza kale amama". Mtima wandipweteka powerenga. 6 anati yadula. 5 ndinawauza mtengo nkungokhala chete, inenso sindinawafunsenso. Mizinda ndaona, Lilongwe ili pamwamba, kenako Blantyre, Mzuzu yachitatu

Ankolo a Hadiweya: Chabwino tiyeni tiwerengere limodzi, tiyambire ku mapeto kubwerera mmbuyo. Keke yomwe imayenda kwambiri mumagulitsa zingati ndipo mumatsala ndi zingati? Muchotse zonse, osati fulawa ndi shuga zokha

NyaMhango Makeke: Ya befide yapakati ndi K45,000. Fulawa, shuga, majarini, mazira, aising'i, bokosi, bolodi ndi magetsi zimakwana K29,000. Ndiye ndimati phindu ndi K16,000

Ankolo a Hadiweya: Wakabaza amalipira ndani? Nanga potapa ndalama kwa ejenti?

NyaMhango Makeke: Ndimalipira ine, kabaza ngati K3,000 chifukwa ndimakwera nayo ndekha kuigwirizira, machaji otapa tingoti K1,000. Ndiye ndi K12,000 eti. Eish

Ankolo a Hadiweya: K12,000. Makeke 9 ndiye kuti Seputembala wakupatsani K108,000. Inu mumafuna bizinesi imeneyi izikupatsani zingati pa mwezi kuti muziti ikuthandiza pakhomo?

NyaMhango Makeke: Itamandipatsa K240,000 lendi ndi fizi ya mwana ndingamathandize bwinobwino

Ankolo a Hadiweya: K240,000 kugawa ndi K12,000 ndi makeke 20 pa mwezi. Mwaona kale kuti pa anthu 27 a mu Mzuzu agula 9, ndiye kuti pa atatu alionse ofunsa mmodzi amagula. Kuti mugulitse 20 mukufunika ofunsa 60 a mu Mzuzu pa mwezi, 15 pa sabata, awiri patsiku ndi kakuonjezera. Cholinga chanu ndi chimenecho, chilembeni pa chikuto cha kope mmalo mwa 10,000 uja. Ubwino wake Lamulungu lililonse madzulo mutha kuwerenga nkudziwa ngati sabata yayenda, ndipo mukapeza 6 mmalo mwa 15 mudziwa pa sabata yoyamba osadikira mwezi uthe.

Koma ndisakunamizeni, kuchoka pa 27 kufika 60 mwezi umodzi nkovuta, mukadziikira chimenecho mugwa ulesi pa sabata yachiwiri. Ine ndikanati Okutobala ofunsa 40, ogula 14. Imeneyo ndi K168,000. Ndipo njira yachidule si kusaka anthu atsopano ayi, ndi 7 munawachedwera aja ndi 5 anakhala chete aja. Amenewo anafika kale pakhomo panu ndalama ili mmanja. Mukanangopulumutsa 4 mwa 12 amenewo bwenzi Seputembala muli pa 13 opanda folowa mmodzi watsopano

Make Wongani: Ankolo izi ndakopera. Koma funso, munthu akalemba pa komenti kuti "zingati" ameneyo timuwerenge ngati wofunsa? Chifukwa ine pa malaya a ana amalemba ambiri zedi ndiye nambala yanga izioneka yokongola pomwe palibe chilipo

Ankolo a Hadiweya: Ine sindimuwerenga mpaka abwere ku inibokosi kapena aimbe. "Zingati" wa pa komenti ambiri amangodutsa ngati munthu wogwira chitenje pa msika wa Taifa akupita kokwera basi. Mukayamba kuwerenga amenewo mwangosintha dzina la malaiki. Chimodzimodzi kugulitsa, "ndidzatenga pa 30" sikugulitsa. Ndimalemba kuti wagula pokhapokha dipoziti yalowa

Mlongo wa ku Taifa: Apa nde sindikugwirizana nanu. Ine wa "zingati" ndimamutsatira ku inibokosi ndekha ndipo ena amagula. Mukapanda kumuwerenga mumutaya

Ankolo a Hadiweya: Mutsatireni ndithu, akayankha ku inibokosiko mulembeni. Chachikulu lamulo likhale limodzi mwezi ndi mwezi, osati mwezi woipa muyambe kuwerenga makomenti kuti mudzitonthoze

Adada Kalipentala Luwinga: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndimapanga masofa ndi mabedi. Za pa mwezi zi kwa ine sizigwira. Munthu amafunsa mu Meyi, amabwera kudzaona mu Julayi, amagula atalandira ndalama za ku banki mkhonde mu Disembala. Mwezi wina ndimagulitsa seti 4, mwezi wina ziro, ndiye ndikadziikira 2 pa mwezi ndizingodziona wolephera miyezi ina pomwe chaka chikuyenda bwino

Ankolo a Hadiweya: Adada zanu nzosiyanadi, katundu wodula amatenga nthawi. Inu ogula muziwerenga pa miyezi itatu, koma ofunsa muziwerengabe pa mwezi, ndipo onjezerani mzere wina pakati, anthu angati afika ku shedi kudzakhala pa sofa kapena mwawapatsa koteshoni. Chifukwa ngati mu Meyi ofunsa achepa, njala yake mudzaimva mu Ogasiti, ndipo kope likuchenjezani nthawi ilipo

Adada Kalipentala Luwinga: Ofika ku shedi ndi amene ndimawadalira zoona, akakhala pa sofa theka la nkhani latha. Koma amene anafunsa mu Meyi nkugula Disembala ndimuika mwezi uti?

Ankolo a Hadiweya: Kufunsa mu Meyi, kugula mu Disembala, mzere wake ndi umodzi omwewo mungobwerera kukalemba tsiku logula. Koma kunena zoona mawerengedwe a mmodzi pa atatu aja kwa inu savuta kusokonekera, anthu ndi ochepa, mmodzi akasintha maganizo nambala yonse yagwedezeka. Mufunika chaka chathunthu musanaikhulupirire

Braz wa Mafoni: Nanga bwanji amama angobusita positi? Ine ndinaika pafupifupi K20,000 pa positi ya mafoni, malaiki 900 masiku atatu

Make Wongani: Analemba angati braz?

Braz wa Mafoni: Mauthenga anali 4. Wagula palibe koma dzina latchuka

Ankolo a Hadiweya: Ndiye uthenga umodzi mwaugula K5,000 braz. Tiyese pa makeke a NyaMhango. Keke imasiya K12,000, amagula mmodzi pa atatu, ndiye wofunsa mmodzi kwa iwo ndi wa K4,000. Akalipira K5,000 kuti apeze wofunsa mmodzi akuluza ngakhale aziphika usiku onse. Kubusita sikoipa koma muzidziwa malire anu musanaike khadi. Ndipo pobusita amakufunsani chimene mukufuna, mukasankha zoti anthu achite laiki adzakupezerani anthu okonda kulaika, kulikonse ali. Sankhani Get more messages, malo muike Mzuzu ndi makilomita ochepa ozungulira, osati Malawi yonse. Koma NyaMhango panopa asabusite, ayambe atseka pamene pakudontha. Kuthira madzi mu ndowa yobooka nkutaya ndalama

Braz wa Mafoni: Ine ndinangodina batani la buluu lija sindinaone zosankhazo

NyaMhango Makeke: Ankolo 6 amene anati yadula aja nditani nawo? Nditsitse mtengo? Komanso ndikuganiza zoyamba kulemba mtengo pa positi pomwepo, panopa ndimalemba kuti mtengo ku inibokosi

Mlongo wa ku Taifa: Musalembe mtengo asisi!! Anzanu ophika akopera nkutsitsa ndi K2,000, komanso munthu akabwera ku inibokosi umatha kumunyengerera

Make Wongani: Ine ndikaona "mtengo ku inibokosi" ndimadutsa, ndimaona ngati andiyang'ana kaye nkhope kuti anditchaje zingati

Ankolo a Hadiweya: Apa sindingagamule, zimatengera katundu. Chomwe ndikudziwa nchoti mukalemba mtengo ofunsa achepa koma amene abwere abwera atavomera kale, ndiye mutha kupeza ofunsa 30 ogula 14, zomwe zili bwino kuposa ofunsa 40 ogula 12. Nchifukwa chake nambala ziwirizi muziziyang'ana limodzi, ofunsa okha akhozanso kukunamizani ngati mafolowa. Yesani Okutobala ndi mtengo, muone kope likuti chani. Kungoti Okutobala ali ndi tsiku la anakubala pa 15, maoda amakwera okha, ndiye musathamangire kunena kuti ndi mtengo wachititsa. Novembala ndi amene adzakuuzeni zoona. Chimodzimodzi Januwale mukadzagwa musadzadabwe, anthu amakhala ali pa fizi ndi feteleza, cholinga cha mwezi umenewo chikhale chotsikirapo.

Zotsitsa mtengo ayi. Pa K12,000 mukachotsa K5,000 mwatsala ndi K7,000, ndiye K240,000 ija ifuna makeke 35 osati 20. Bola pangani kakeke kakang'ono ka mtengo wotsika kuti oti yadula aja mukhale ndi chowapatsa, koma muwerengenso phindu lake bwinobwino

NyaMhango Makeke: 35 sindingathe nkomwe. Ngakhale 20 yo ndikuganiza, uvuni wanga umalowa keke imodzi, ndipo maoda ambiri amafuna Loweruka. Lachisanu ndikalimbikira ndimatha atatu, magetsi akazima ndiye ndi mbaula mpaka 2 koloko usiku

Ankolo a Hadiweya: Mwachita bwino kunena, ine sindinafunse zimenezo. Atatu pa Loweruka 4 ndi 12 basi. Ndiye ngakhale pa 14 paja awiri akuyenera kukhala a mkati mwa sabata, ndipo pa 20 ndiye 8. Cholinga chikhale pawiri, a Loweruka 12, a mkati mwa sabata 2 mwezi uno. Ofunsa a Loweruka akachuluka kuposa pamenepo mungowakana kapena muwononga dzina ndi keke yosapsa

Adada Kalipentala Luwinga: Mkati mwa sabata yesani maofesi a mtauni ndi ana a ku Mzuni, amenewo befide amadyera tsiku lomwelo sadikira Loweruka. Mwana wanga ali kumeneko amasonkherana pa kalasi

NyaMhango Makeke: Zoona adada, awiri mwa 9 aja analidi a pa ofesi Lachitatu. Ndiye kuti ndidziwe kuti munthu wachokera kuti ndizimufunsa aliyense? Ena amakwiya ukamawafunsa zambiri

Make Wongani: Ine mwana wa achemwali anga anandipangira linki, munthu akadina imatsegula WhatsApp uthenga utalembedwa kale. Ya pa Facebook ili chonchi

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndaona%20pa%20Facebook
```

pa ma X po muika nambala yanu kuchotsa 0 woyamba. Ya pa TikTok mungosintha mawu omalizawo. Ena amafufuta uthengawo nkulemba zawo koma ambiri amangotumiza

Ankolo a Hadiweya: Imeneyo ndi yabwino, ndipo ithetsanso vuto la Messenger lija chifukwa onse azibwera malo amodzi amene mumatsegula. Ngati muli pa WhatsApp Business mutha kumata chizindikiro pa munthu aliyense, New customer, Pending payment, Paid, mwezi ukatha mungowerenga. Koma kope musalisiye, foni imatayika. Ndipo mudziikire nthawi, wofunsa masana ayankhidwe ola lisanathe, wokhala chete atamva mtengo mumulembere kamodzi mawa lake, "amama keke ija tiisungire tsiku?" Kamodzi kokha, kawiri ndi kuvutitsa

Mlongo wa ku Taifa: Ine ndiyesa kopelo koma cholinga cha mafolowa sindisiya, ndiziyendetsa zonse ziwiri. Katundu wanga amapita mpaka ku Chitipa

Braz wa Mafoni: Amama koma TikTok yo musaiiwale

NyaMhango Makeke: Braz ndiyesa ndikaona kuti ikubweretsa a mu Mzuzu, ndiikanso linki yake ndiwerenge. Ndalemba pa chikuto, Okutobala ofunsa 40, ogula 14, awiri a mkati mwa sabata. 5 anakhala chete aja ndawalembera pompano, mmodzi wayankha kale kuti befide inadutsa koma mchemwali wake ali ndi bulaido shawa pa 25, akuti nditumize zithunzi za masitepe awiri. Ameneyu ndimulemba ngati wofunsa watsopano kapena ndi wa Seputembala yemwe uja?

Ankolo a Hadiweya: Keke ina, tsiku lina, mzere watsopano. Tumizani zithunzizo msanga asanagone